Kompyuta imodzi, Warzone ndi sitirimu nthawi imodzi: zimathekadi?

Chiko wa ku Ndirande: Amwene ndithandizeni chifukwa zandikwana. Kompyuta yanga ndi Ryzen 5 3600, kadi ndi GTX 1660 Super ya 6 GB, RAM 16 GB, sikirini ya 75 Hz. Warzone ndikamasewera payokha imayenda bhobho, FPS imasewera pa 85 mpaka 95 pa 1080p masetin'gi otsika. Nde sabata ino ndayamba kusitirima pa Twitch ndi OBS Studio, kwa ine kuno gemu ikuoneka bwino ndithu koma anthu atatu omwe amandionera onse akuti chithunzi chikumadukaduka, makamaka ndikamatembenuka mwachangu kapena kukaphulika chinthu. Mng'ono wanga wandijambulira pa foni zomwe akuona ndipo zoonadi zikungodumphadumpha ngati munthu akutsegula masamba a buku. Funso langa ndi loti, kompyuta imodzi ingathedi kuchita zonse ziwirizi kapena ndikungotaya bandulo?

Bigi Joe: Achimwene musavutike, sizitheka. Anthu akuluakulu aja mumaonera amakhala ndi makompyuta awiri, ina yosewerera ina yotumizira, pakati amaika kapicha kadi monga Elgato. Kompyuta imodzi singasenze mitolo iwiri. Sungani ndalama mugule yachiwiri basi.

Chiko wa ku Ndirande: Iyi yomweyi ndinaigula pang'onopang'ono chaka chonse, kadi kaye kenako zinazo, yachiwiri ndiitenga kuti Bigi

Tadala: A Joe zomwe mukunenazo zinali zoona nthawi yomwe aliyense ankadalira purosesa kupanikiza vidiyo, ndipo lero alipo ena amachitabe, koma pa kompyuta ya a Chikoyi yachiwiri siikufunika. A Chiko tisanayambe kulotera, tsegulani OBS mupite View kenako Stats, kawindo kameneko kasiyeni kotsegula, muyambe sitirimu musewere mphindi zitatu pamalo pomwe pali nkhondo osati mu menyu. Mukatero munditumizire manambala a mizere itatu iyi: Frames missed due to rendering lag, Skipped frames due to encoding lag, ndi Dropped Frames (Network). Mundiuzenso pa Settings, Output, pomwe palembedwa Video Encoder mwasankha chani. Kudukaduka kwa chithunzi kumaoneka chimodzimodzi kwa woonera koma matenda ake ndi atatu osiyana ndipo mankhwala a ena sachiza ena.

Chiko wa ku Ndirande: Enkoda ndi x264, ndinaika pa medium chifukwa ndinamva kuti ndi yomwe imatulutsa chithunzi choyera. Pansi pa OBS pakumabweranso zofiira zoti "Encoding overloaded!" koma ndimangoti mwina ndi mmene imachitira

Tadala: Ayi aise, pamenepo OBS ikukuuzani poyera kuti yalephera. x264 ndiye kuti ntchito yonse yopanikiza vidiyo ikugwiridwa ndi purosesa. Ganizani, pa sekondi iliyonse pali zithunzi 60 za 1080p zofunika kuzifinya kuti zikwane pa intaneti yanu, chithunzi chilichonse chili ndi mamilisekondi 16.7 okha, chikachedwa chimatayidwa. Ryzen 5 3600 ili ndi makoo 6, ndipo Warzone ndi gemu yodya purosesa kwambiri chifukwa cha mapu aakulu ndi anthu ambirimbiri omwe ikuwerengera nthawi imodzi. Nde mwaionjezera x264 pa medium, yomwe ndi yolemera kuposa veryfast imene OBS imaika yokha poyamba. Awiriwa akulimbirana makoo omwewo.

Chomwe anthu ambiri sadziwa ndi choti mkati mwa kadi yanuyo muli kachigawo kapadera kotchedwa NVENC komwe ntchito yake ndi kupanikiza vidiyo basi. Sikajambula gemu, gemu ikamayenda iko kamangokhala chete. Ndipo mwachita mwayi chifukwa 1660 Super ili ndi NVENC ya m'badwo wa Turing, yomweyo ili mu ma RTX 20, ndipo kuyambira pamenepo chithunzi chake chinakhala chabwino moti pa sitirimu wamba munthu savutika nacho. Sinthani enkoda ikhale NVIDIA NVENC H.264, Rate Control CBR, Keyframe Interval 2, Preset P5, muyesenso.

Mjomba Fred: Ine ndimangodina batani la Share pa kontirola ndi kusankha Broadcast Gameplay, imapita pa YouTube popanda vuto lililonse. Bwanji osangochita choncho mphwanga

Chiko wa ku Ndirande: Mjomba imeneyo ndi PS4, ine ndili pa kompyuta

Mjomba Fred: Ooh pepani sindinawerenge bwino. Koma nde zikusonyeza kuti makina amodzi amatha eti

Tadala: Mjomba mwalasa ngakhale munalowera kwina. PS4 imatha chifukwa nayo ili ndi kachigawo kopanikizira vidiyo pakokha, ndipo opanga anapatuliratu gawo la mphamvu loti gemu isakhudze. Pa kompyuta palibe anakupatulirani, mumapatula nokha, ndipo ndikukayikira kuti a Chiko akumana nazo pompano.

Chiko wa ku Ndirande: Achemwali ndasintha. Zofiira zija zasiya, purosesa yatsika, mu Task Manager inali pa 100 pano ikumakhala cha m'ma 70. Gemu nayo ikumveka yopepuka m'manja. Koma mng'ono wanga akuti kwachepa koma kukudukabe. Manambala ndi awa pa mphindi zitatu:

```
Frames missed due to rendering lag   412 / 10800 (3.8%)
Skipped frames due to encoding lag   0 / 10800 (0.0%)
Dropped Frames (Network)             0 (0.0%)
```

Bigi Joe: Mwaonatu, ndinanena ine. Mwachotsa mtolo pamutu mwauika paphewa, munthu wake ndi yemweyo.

Yami: RAM imeneyo. Ikani 32 GB zonse zitha, ine mnzanga anachita choncho

Tadala: A Yami RAM ikadzadza zimaoneka mu Task Manager pa Memory, ndipo gemu yomwe imayamba kugwiragwira osati sitirimu yokha. A Chiko akuti gemu ili bwino kwawo. Mzere womwe ukukwerawo ndi wa rendering lag, nkhani yake ndi ya GPU, kadi ija.

A Joe mwakhudza penipeni koma simunamalize. NVENC imapanikiza payokha inde, koma chithunzi chisanafike kumeneko OBS imayenera kuchitenga ku gemu, kuikapo kamera, maovalei, zolemba zija za anthu otsatira, kuchichepetsa ngati mwaiuza kutero, ndi kuchisintha mtundu wa makala kuti enkoda ichilandire. Ntchito yonseyi imachitikira pa mbali ya 3D ya kadi, pomwe gemu ikudyeraponso. Ndi ntchito yaing'ono, koma iyenera kuchitika ka 60 pa sekondi pa nthawi yake. Tsono gemu yomwe simunaiikire malire a FPS ilibe ulemu, imatenga kadi yonse mpaka 99 peresenti, ikamaliza fulemu ina nthawi yomweyo yayamba ina. OBS imaima pamzere kudikira, mamilisekondi 16.7 aja akadutsa fulemuyo yapita ndipo woonera amaona yakale kawiri. Nchifukwa chake inu mukuona 90 FPS yosalala pomwe mng'ono wanu akuona zodumpha, mukuona zinthu ziwiri zosiyana.

A Chiko tsimikizani nokha: Task Manager, Performance, GPU. Muona magirafu angapo, ina 3D ina Video Encode. Mundiuze zikuti bwanji. Muonenso Average time to render frame mu Stats muja.

Chiko wa ku Ndirande: 3D ili 98, 99 osatsika. Video Encode ili pansi, siikufika ndi theka lomwe. Average time to render frame ikumakwera mpaka 14 ms, nthawi zina 20 kukakhala utsi wambiri

Tadala: Ndi zimenezo. Pa kompyuta yopuma bwino nambala imeneyo imakhala 1 kapena 2 ms. Chitani ziwiri izi kaye, zina tiona. Choyamba tsekani OBS, muidine ndi batani lakumanja musankhe Run as administrator, ikatsegulidwa choncho Windows imailola kupempha kuti ntchito yake pa GPU izipita patsogolo pa gemu. Kuti musamaiwale, pa Properties, Compatibility, chongani Run this program as an administrator. Chachiwiri ndi chomwe chili chachikulu, ikani malire a FPS mu gemu, pa masetin'gi a Display pali poika Custom frame rate limit, kapena mu NVIDIA Control Panel, Manage 3D settings, Max Frame Rate. Cholinga ndi choti 3D ija izikhala cha m'ma 85 mpaka 90 pa nthawi yovutitsitsa, osati 99. Ine ndikanaika 60.

Chiko wa ku Ndirande: Eee 60? Achemwali ine ndinazolowera 90, pa 60 mfuti imamveka yolemera, anthu azingondipha

Bigi Joe: Apa nde pomwe ndimanena. Mukuti zimatheka koma munthu akutaya mafulemu 30. Kutheka kwake kuli pati?

Tadala: Kutaya kulipo a Joe, sindikana. Palibe sitirimu yaulere pa kompyuta imodzi. Koma tiyeze bwino zomwe zikutayika. Sikirini ya a Chiko ndi 75 Hz, imaonetsa zithunzi 75 pa sekondi basi, zoposera apo samaziona zathunthu. Phindu lomwe amapeza pa 90 ndi loti kudina kwawo kumafika msangako pang'ono, fulemu ya pa 90 imatenga 11 ms pomwe ya pa 75 imatenga 13 ms. Komanso kadi ikadzadza pa 99 mafulemu amaunjikana pamzere ndipo kuchedwa kwa mausi kumakwera, nde nthawi zambiri gemu yomangidwa pang'ono pansi pa mphamvu za kadi imamveka yomvera kuposa yosamangidwa. Ndinati 60 chifukwa sitirimu ndi ya 60, fulemu iliyonse ya gemu imagwa pa fulemu imodzi ya sitirimu, woonera amaona zosalala kwambiri. Pa 75 OBS imatenga 4 pa 5 aliwonse, pamakhala kakugwedera kakang'ono komwe ena amakaona ena ayi. Yesani 75 kaye ngati 60 yakukanikani.

Yami: Ine ndimaonera ma sitirimu tsiku lililonse pa foni ndipo za 4 pa 5 zo sindinazionepo

Tadala: Pa foni mwina ayi. Ine pa sikirini yaikulu kamera ikamayenda cham'mbali pang'onopang'ono ndimaziona. Zimenezo tisiyana basi.

Mphatso L: Pepani ndilowerere ndi langa. Ine ndili ndi kompyuta zija zochoka m'maofesi, i5-6500, ndinaikamo GT 1030 kuti ndizisewera GTA V. Ndawerenga zonsezi ndapita pa enkoda koma NVENC palibepo, pali x264 yokha. Ndaikanso madiraiva kawiri konse. Ndikulakwitsa pati?

Tadala: Simukulakwitsa, GT 1030 ilibe NVENC, kachigawoko mulibemo nde madiraiva sangakabweretse. Malaputopu ambiri okhala ndi GeForce MX nawonso ndi choncho, anthu amagula poona dzina la NVIDIA kenako kudabwa. Koma inu muli ndi njira ina: i5-6500 ili ndi magirafiki akeake a Intel HD 530 ndipo mmenemo muli Quick Sync, yomwe ntchito yake ndi yofanana ndi NVENC. Vuto ndi loti mukaika kadi ina makompyuta ambiri amazimitsa okha ya Intel ija. Lowani mu BIOS mufufuze pa zavidiyo poti Multi-Display kapena iGPU Multi-Monitor, dzina limasiyana, muyatse, muike diraiva ya Intel, kenako mu OBS mubwera QuickSync H.264. Gemu izikhala pa GT 1030, kupanikiza pa Intel. Koma musalimbane ndi 1080p, makoo anu ndi 4 okha ndipo GTA V imawafuna onse, yambani ndi 720p pa 30.

Mphatso L: Ndiyesa usiku magetsi akabwera. Nanga a Chiko sangachitenso chimodzimodzi kuti kadi yawo ipume?

Tadala: Ryzen 5 3600 ilibe magirafiki mkati, nde njirayo kwawo kulibe. Komanso sikanathandiza vuto lawoli chifukwa lawo si la kupanikiza, ndi la kusonkhanitsa chithunzi kuja, komwe kumachitikabe pa kadi yomwe gemu ili.

Chiko wa ku Ndirande: Ndabwera. Administrator ndayatsa, FPS ndamanga pa 75. Ndasewera mphindi khumi, ndinatsikira dala pomwe pamatsikira anthu ambiri.

```
Frames missed due to rendering lag   61 / 36000 (0.2%)
Skipped frames due to encoding lag   0 / 36000 (0.0%)
```

3D ikumakhala 84 mpaka 92. Mng'ono wanga akuti zasintha kwambiri, wakuwa kuchipinda uko kuti pano zikuoneka ngati za anthu. Ndipo chodabwitsa mfuti siikulemera ngati mmene ndimaopera. Koma 61 amenewo akuchokera kuti, ndinaona nambala ikudumpha kamodzi pomwe ndimatsika pa ndege ndi pomwe kunaphulika magalimoto awiri

Tadala: Pamenepo kadi imafikabe pamwamba kwa kanthawi. Pali tinthu tina tomwe timadya mbali ya gemu ija mobisa. Mu masetin'gi a NVENC zimitsani Look-ahead, ndi inayo yomwe kale inkalembedwa Psycho Visual Tuning, m'ma OBS atsopano ikulembedwa Adaptive Quantization, komanso Multipass Mode muike Single Pass. Zimenezi zimakometsako chithunzi koma zimabwereka mphamvu kunja kwa kachigawo ka NVENC kaja. Kenako onani mmene mukutengera gemu, pa Sources pazikhala Game Capture osati Display Capture, ndipo musaike zonse ziwiri mu sini imodzi. Ndikufunseninso, sitirimu yanu mukuionera pa Chrome pa kompyuta yomweyo kuti muziwerenga macheza?

Chiko wa ku Ndirande: Eya ndimatsegula tabu ya Twitch kumbuyo

Tadala: Itsekeni imeneyo. Mukutumiza vidiyo kenako kuikokanso ndi kuimasulira pa kadi yomweyo, bandulo nayo ikupita kawiri. Macheza muziwerenga pa foni vidiyo mutaimitsa. Chomaliza ndi VRAM, memore ya pa kadi, 6 GB yanuyo Warzone imafuna kuidzadza yonse, pomwe OBS ikufunanso malo ake. Mu gemu muli VRAM Scale Target, itsitseni cha pa 70, matekisicha akhale pa Low. VRAM ikasefukira zinthu zimayamba kupita ku RAM wamba kudzera pa PCIe ndipo mumamva kugwira kwadzidzidzi ngati komwe mwanenako.

Bigi Joe: Chabwino ndavomera kuti zikuyenda. Koma ndimakanabe pa chithunzi. x264 pa kompyuta yachiwiri pa slow ndi NVENC sizingafanane, makamaka pa udzu ndi mitengo munthu akamathamanga, NVENC imapanga phala. Komanso gemu ikakirasha kapena kompyuta ikaima, wa makompyuta awiri sitirimu yake imapitirira akulankhulabe ndi anthu.

Tadala: Yachiwiriyo ndi zoona ndithu, kompyuta yonse ikaima sitirimu yafa, ngakhale gemu yokha ikakirasha OBS nthawi zambiri imatsala ili moyo. Yoyambayo pa makadi akale monga GTX 1060 ndikuvomerezani, kusiyana kumaoneka. Pa Turing kupita m'tsogolo kusiyanako ndi kochepa moti ine ndikaika mavidiyo awiri pambali ndimachita kuimitsa kuti ndikuone. Phala la pa udzuwo gwero lake lalikulu ndi bitireti, kuchuluka kwa data yomwe mukutumiza pa sekondi, 6000 kbps yomwe Twitch imalangiza ndi yochepa kwa 1080p60 pa gemu yothamanga, enkoda iliyonse imavutika.

Bigi Joe: Ine maso anga amaona kusiyana, tisiye pomwepo

Chiko wa ku Ndirande: Nkhani ya bitireti yo nde yabwera yokha. Pano 8 koloko yadutsa, mizere iwiri ija ili bwino koma wachitatu wayamba, Dropped Frames (Network) yafika 6 peresenti ndipo kachizindikiro ka pansi kaja kakumasanduka kofiira. Masana kunalibe zimenezi. Ndili pa rauta ya 4G, bitireti 6000

Yami: Nde kompyuta yatopa, yatentha

Tadala: Ayi a Yami, mzere umenewo kompyuta siukhudza. Mafulemu apangidwa bwinobwino, apanikizidwa, koma msewu wotulukira wachepa. Madzulo anthu ambiri amakhala pa nsanja imodzi ya netiweki. A Chiko pangani sipiditesiti pompano muone nambala ya Upload osati Download, anthu ambiri amaona yolakwika.

Chiko wa ku Ndirande: Download 19, Upload 5.2. Masana Upload inali 11

Tadala: Nde mukukankha 6 pa msewu wa 5, kuphatikizapo mawu ndi gemu yomwe ikufunanso kudutsa pomwepo, ping yanu iyenera kuti nayo yakwera. Bitireti isamapose magawo awiri mwa atatu a Upload ya nthawi yoipitsitsa, kwa inu ndi cha pa 3500. Pa 3500 musaumirire 1080p, ikhala phala lenileni lomwe a Joe akunena. Pa Settings, Video, Base Resolution isiyeni 1920x1080, Output Resolution muike 1280x720, FPS 60. Inu muzisewerabe pa 1080p, ochepetsedwa ndi omwe akupita kwa anthu. Pa Advanced, Network, chongani Dynamically change bitrate to manage congestion kuti netiweki ikafooka chithunzi chizingofewa m'malo moduka. Ndipo ngati kompyuta ikulumikizana ndi rauta pa wayifayi, pezani kebo, ngakhale ya mamita awiri.

Muwerengerenso bandulo. 6000 kbps ndi pafupifupi 2.7 GB pa ola, 3500 ndi pafupifupi 1.6 GB. Oonera anu nawonso ambiri ali pa foni ndi bandulo, ndipo pa Twitch tchanelo chaching'ono sichikhala ndi chitsimikizo choti woonera apatsidwa mwayi wotsitsa kwalite, nde zomwe mukutumizazo ndi zomwe akulipira.

Chiko wa ku Ndirande: 2.7 pa ola?? Nde chifukwa chake 20 GB yatha masiku anayi, ndimaganiza kuti ndi ma apudeti

Mjomba Fred: Mphwanga bwanji osangojambula kaye nkudzatumiza pambuyo usiku bandulo yotchipa ija. Ine zanga zambiri ndimatero

Tadala: Mjomba akunena zanzeru, ndipo kujambula ndi kopepuka chifukwa netiweki yachokapo, ngakhale malire a FPS aja amafunikabe chimodzimodzi. Pojambula musagwiritse CBR, ikani CQP, m'ma OBS atsopano ikulembedwa Constant QP, nambala 20. Nambala ikatsika chithunzi chimayera fayilo nkukula, ikakwera fayilo imachepa. Pa gemu ngati iyi yembekezerani magigabaiti khumi kapena kuposa pa ola, nde onani malo pa disiki. Ndipo chonde Recording Format ikhale mkv osati mp4 wamba. Ine ndinajambulapo maola awiri a mpikisano wathu pa mp4, kutatsala pang'ono kutha magetsi anathima, fayilo ilipo magigabaiti ake onse koma siitseguka mpaka lero chifukwa mp4 imalemba kalozera wake pomaliza penipeni. Zinandipweteka kwambiri, anyamata anali atadalira ine. mkv ikadukira panjira zomwe zinalembedwa zimatsala, mukafuna mp4 mumangopita File, Remux Recordings, mphindi imodzi yatha.

Chiko wa ku Ndirande: Nanga ndikafuna zonse, kusitirima pa 720p uku ndikujambula yoyera ya 1080p yodzaika pa YouTube?

Tadala: NVENC imatha kunyamula ziwiri nthawi imodzi, ndipo Video Encode yanu munati siikufika theka. Koma apo Output Resolution iyenera kubwerera pa 1080p ndipo kuchepetsa muchitire pa Rescale Output ya tabu ya Streaming yokha. Kadi yanu yatsala ndi mpata wochepa kale, nde ine sindingalonjeze, yesani muone ngati mzere wa rendering lag ukhala chete. Ukayamba kukwera mudziwa kuti mwafika pa malire a 1660 Super, mwina mpomwe 60 ija muilandire.

Chiko wa ku Ndirande: Usiku uno ndasiya pa 720p60, 3500, gemu pa 75. Theka la ola, rendering lag 12 pa 108000, netiweki 0.4 peresenti. Kebo ndikagula mawa ku Limbe. Pa ndege paja ikugwirabe kamodzi ngakhale VRAM ndatsitsa, sindikudziwa ngati ndi gemu kapena OBS

Tadala: Tsekani OBS mutsike pa ndege kawiri katatu muone ngati ikugwirabe. Ikagwira ndi gemu ikukoka mapu ku disiki, mundiuze ngati ili pa SSD kapena hadi disiki.

Mphatso L: Achemwali magetsi abwera, ndalowa mu BIOS, Multi-Display ndaipeza koma ndi yotuwa siikudinika. Nditani pamenepa